Mtengo wa muyezo, kuchokera ku fakitale ya magolovesi kufika ku Luwinga

Munthu wogula ndi kugulitsa savutika kudziwa phindu lake. Mayi wa mu msika wa Taifa akapikula nsalu pa mtengo wakuti n'kuigulitsa pa mtengo wakuti, chotsala pakati ndi chake, akachotsapo thiransipoti ndi chiphaso cha mumsika. Kwa wopanga zinthu nkhani ndi ina, chifukwa chimene amagula si chimene amagulitsa. Amagula ufa n'kugulitsa buledi, kapena zipika n'kugulitsa matabwa, kapena khofi wamuwisi m'matumba n'kugulitsa wokazinga m'mapaketi. Pakati pa khomo lolowera katundu ndi khomo lotulukira pali moto, makina, manja a anthu ndi masiku ambiri, ndipo paliponse pamenepo ndalama ikhoza kutayika osaoneka. Kwa zaka mazanamazana mabuku a malonda ankalemba bwino zapamakomo awiri aja, koma za mkati mwa fakitale sankalembamo zambiri.

Mmodzi mwa anthu oyamba kufufuza zamkatimo anali Josiah Wedgwood, woumba mbale ndi miphika yamakaka ku Staffordshire, m'dziko la Mangalande. Mu 1772 malonda anazilala, katundu anaunjikana m'nyumba zosungira, ndipo ngakhale mabuku ankaonetsa phindu, ndalama m'manja munalibe. Wedgwood anayamba kuwerengera mphika umodziumodzi, kuti dothi lalowa la ndalama zingati, malasha, utoto, malipiro a woumba, lendi. Ataphatikiza zonse n'kuyerekeza ndi zimene zinali m'mabuku aakulu, ziwerengero sizinagwirizane, ndipo kufufuza kwake kunamufikitsa kwa kalaliki wamkulu wa ku London amene ankasolola ndalama. Anatulukiranso kuti zolipira zina, monga lendi ndi zikombole, sizisintha kaya wapanga miphika yochepa kapena yambiri, choncho kupanga yambiri nthawi imodzi kumatsitsa mtengo wa uliwonse.

Komabe Wedgwood ankawerengera zimene zinachitika kale, ndipo ndi mmene zinakhalira m'mafakitale ambiri kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Ntchito ikatha, makalaliki ankasonkhanitsa timapepala ta zipangizo ndi malipiro n'kulengeza kuti katundu uyu watidyera zakuti. Yankholo linkabwera mochedwa, mwina patapita miyezi, ndipo linkabwera losakanikirana. Ngati mtengo wa chitsulo unakwera, zinali momwemo. Ngati mmisiri anaononga chitsulo, zinali momwemonso, pamodzi ndi za mlonda amene anazembetsa zina usiku. Bwana ankangoona kuti mtengo wa chaka chino waposa wa chaka chatha, koma mtengo wa chaka chathawo unalinso ndi zoonongeka zake zobisika.

Kusintha kunayamba ndi mainjiniya, owerengera ndalama anabwera pambuyo. Frederick Taylor, amene anagwira ntchito ku fakitale ya zitsulo ya Midvale ku Philadelphia m'zaka za m'ma 1880 ndipo kenako ku Bethlehem Steel, ankaima ndi wotchi pambali pa wantchito n'kumayeza chilichonse. Anafika poyeza ngakhale kulemera koyenera kwa fosholo imodzi, n'kupeza kuti munthu amaola zambiri pa tsiku ngati fosholo ikunyamula mapaundi 21, omwe ndi makilogalamu osakwana pang'ono khumi. Antchito sankamukonda munthu ameneyu, ndipo anali ndi zifukwa zomveka, chifukwa wotchi yake inkathamangitsa anthu. Koma anasiya ganizo limodzi lomwe linakhazikika, loti ntchito iliyonse ili ndi muyezo wake womwe ungadziwike ntchitoyo isanayambe.

Harrington Emerson ndiye anasandutsa muyezowo kukhala nkhani ya ndalama. Pakati pa 1904 ndi 1907 anakonzanso kayendetsedwe ka malo okonzera sitima a kampani ya njanji ya Santa Fe, ndipo m'nkhani zimene analemba cha m'ma 1908 ananena kuti njira zodziwira mtengo wa ntchito zilipo ziwiri, kuupeza ntchito itatha kapena kuuika ntchito isanayambe. Iye anati njira yoyamba imasakaniza ndalama yofunikadi ndi ndalama yotayika, pomwe yachiwiri imasiya yotayikayo poyera. M'chaka chomwecho cha 1908, wowerengera ndalama wina dzina lake John Whitmore anafotokoza za mabuku a fakitale ya nsapato. Vuto la kumeneko linali chikopa, chifukwa chikopa cha ng'ombe sichifanana paliponse, cha pamsana n'cholimba, cha kumimba n'chofewa, ndipo zikopa ziwiri zolemera mofanana sizitulutsa nsapato zofanana. Whitmore anaonetsa kuti mtundu uliwonse wa chikopa upatsidwe mtengo wake woyenera, kuti odula azionedwa ngati akutulutsa zokwanira pa chikopa chimene alandira. Apa ndi pamene muyezo unachoka pa nthawi ya wantchito n'kufika pa zipangizo.

Amene anaziika zonsezi m'dongosolo limodzi anali G. Charter Harrison, Mngelezi wosamukira ku Amereka. Mu 1911 anakhazikitsa njira yathunthu ya mtengo wa muyezo ku Boss Manufacturing Company, kampani yosoka magolovesi ogwirira ntchito m'tauni ya Kewanee, ku Illinois. Magolovesi ndi katundu woyenera njira imeneyi. Amasokedwa zikwizikwi ofanana, ndipo nsalu yolowa pa dazeni imodzi ikhoza kuyezedwa mpaka kachidutswa kotsala. Kuyambira 1918 Harrison anafalitsa nkhani zotsatizana m'magazini ya oyendetsa mafakitale, ndipo m'zolemba zake za zaka zimenezo ndi mmene munatuluka masamu ogawira kusiyana kwa pakati pa mtengo wa muyezo ndi mtengo weniweni m'zigawo, chigawo chilichonse ndi chifukwa chake. Mu 1930 anatulutsa buku lonse la nkhaniyi. Masamu amene ophunzira a ku Malawi College of Accountancy amalimbana nawo lero, kuphatikizapo a ku nthambi ya ku Mzuzu, ndi a mzere womwewo.

Ku Mangalande njirayi inafala kwambiri nkhondo yachiwiri itatha. Mu 1950 gulu la owerengera ndalama lomwe linatumidwa kukaona mafakitale a ku Amereka linatulutsa lipoti lotamanda bajeti ndi mtengo wa muyezo, ndipo phunziroli linakhazikika m'mayeso a mabungwe a owerengera ndalama a kumeneko. Kuno kwathu linabwera ndi mayeso amenewo, pamodzi ndi makampani a Azungu ndi owerengera awo.

Nthawi imeneyo ndi yomwe Mzuzu unkabadwa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kunatsegulidwa minda ya mitengo ya tang'i pa Viphya, yomwe inali m'manja mwa Colonial Development Corporation, ndipo nyumba za antchito, maofesi ndi misewu ya esiteti ndizo zinakhala chiyambi cha tauni. Njere za tang'i zimafinyidwa n'kutulutsa mafuta opangira penti ndi vanishi. Ntchitoyo sinapite patali monga ankayembekezera, chifukwa mafuta opangidwa ndi mankhwala anadzalanda msika. Tauni yokha inapitirira kukula mpaka inakhala mzinda mu 1985, ndipo mafakitale ake anasonkhana ku Luwinga: a zakumwa, a matabwa, a ufa, a khofi. Khofiyo amachokera kwa alimi a ku Misuku, ku Phoka, ku Viphya, kumapiri a Nkhata Bay ndi kummwera chakummawa kwa Mzimba. Kuyambira 1971 ankayendetsedwa ndi bungwe la boma la Smallholder Coffee Authority, mu 1999 anapita m'manja mwa alimi pansi pa thirasiti, ndipo mu 2007 panabadwa Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union. Khofi ndi katundu amene amapungula pa siteji iliyonse. Zipatso zofiira zokwana makilogalamu asanu kapena asanu ndi limodzi zimatulutsa kilogalamu imodzi yokha ya njere zouma zosakazinga, ndipo njerezo zikalowa pamoto zimapungulanso. Pa katundu wotere, munthu wopanda muyezo sangasiyanitse kupungula kwachibadwa ndi kutayika.

Tiyerekeze kafakitale kakang'ono kokazinga khofi ku Luwinga, kongoganizira chabe, ndipo mitengo yake tiisankhe yosavuta kuwerengera. Mwini wake ndi mayi, ali ndi munthu wogula katundu, mnyamata wa pamakina okazingira ndi atsikana atatu opakira. Chinthu choyamba kuchita ndi kuika muyezo, ndipo muyezo wa zipangizo uli ndi miyendo iwiri. Mwendo woyamba ndi kuchuluka. Khofi wouma bwino amakhala ndi chinyontho cha pakati pa 10 ndi 12 peresenti, ndipo akakazingidwa amataya madziwo pamodzi ndi timakoko ndi mpweya, kotero kuti amapungula ndi 12 mpaka 20 peresenti malinga ndi mmene wapsera. Mayiwa amakazinga mwapakatikati. Atayeza ulendo ndi ulendo asanathire ndiponso atatsitsa, apeza kuti kilogalamu imodzi ya wokazinga imafuna makilogalamu 1.2 a wamuwisi. Mwendo wachiwiri ndi mtengo. Ataona mitengo ya ogulitsa odalirika n'kuphatikiza thiransipoti yofikitsira matumba pakhomo, aika K10,000 pa kilogalamu. Ndiye kuti kilogalamu ya khofi wokazinga iyenera kudya K12,000 ya njere.

Muyezo wa kuchulukawu pali anthu amene amaulakwitsa pofuna kukhwimitsa. Amatenga ulendo umodzi womwe zonse zinayenda bwino, magetsi osazima, njere zonse zosankhika, n'kunena kuti umenewo ndiwo muyezo. Zotsatira zake, mwezi uliwonse lipoti limaonetsa kutaya, ndipo pakatha miyezi itatu palibenso amene amaliwerenga. Ena amangotenga avareji ya chaka chatha, osadziwa kuti akudalitsa kuononga kwa chaka chathacho n'kukusandutsa lamulo. Muyezo wothandiza ndi womwe wantchito waluso angaufikire pa tsiku wamba akasamala, ndipo uyenera kuikidwa iye mwini ali pomwepo, pa sikelo imene aliyense akuikhulupirira.

Mwezi watha tsopano, ndipo mapepala ali patebulo. Bajeti inati apanga makilogalamu 2,500 a wokazinga, koma maoda anachepa ndipo apanga 2,000 okha, m'mapaketi 8,000 a magalamu 250. Khofi wamuwisi amene wagulidwa n'kulowa m'makina ndi makilogalamu 2,640, pa mtengo wa K9,500 pa kilogalamu. Zonse pamodzi walipira K25,080,000.

Apa pali msampha woyamba. Bajeti ya makilogalamu 2,500 inaika pambali K30,000,000 ya njere, ndipo munthu wofulumira akhoza kuomba m'manja kuti pafupifupi K5 miliyoni yapulumuka. Sinapulumuke, kungoti khofi amene akanaidya sanapangidwe. Funso loyenera ndi lakuti, pa makilogalamu 2,000 amene apangidwadi, muyezo umalola njere zochuluka bwanji? Tikachulukitsa 2,000 ndi 1.2 tipeza makilogalamu 2,400, ndipo pa K10,000 ndi K24,000,000. Chiwerengero chimenechi ndicho choyerekeza nacho. Fakitale yadya K25,080,000 pamalo pa K24,000,000, ndiye kuti K1,080,000 yapita posayenera.

Mabuku akale akanalekera pomwepa, ndipo mayiwa akanangodandaula kuti zinthu zadula masiku ano. Njira ya Harrison imang'amba chiwerengerocho pakati. Gawo loyamba ndi kusiyana kwa pa mtengo, komwe owerengera ndalama amati variyansi ya mtengo. Timatenga mtengo wa muyezo, n'kuchotsapo mtengo womwe walipidwadi, n'kuchulukitsa ndi makilogalamu onse amene agulidwa. Pano K10,000 kuchotsa K9,500 ndi K500, kuchulukitsa ndi 2,640, ikukwana K1,320,000. Kusiyana kumeneku n'kokomera fakitale, chifukwa katundu wagulidwa motchipa kuposa muyezo. Zinthu sizinadule ayi, zinatsika.

Gawo lachiwiri ndi kusiyana kwa pa kagwiritsidwe ntchito. Timatenga makilogalamu amene alowadi m'makina, n'kuchotsapo amene muyezo umalola, n'kuchulukitsa ndi mtengo wa muyezo. Pano 2,640 kuchotsa 2,400 ndi makilogalamu 240, matumba anayi athunthu a makilogalamu 60, ndipo pa K10,000 ndi K2,400,000 yopweteka fakitale. Tikachotsa K1,320,000 yokomera pa K2,400,000 yopweteka, ikutsala K1,080,000 ija ndendende. Ziwerengero ziwirizi zikakana kubwerera pa chiwerengero chachikulu, dziwani kuti penapake masamu aphonyeka.

Wina angafunse chifukwa chimene makilogalamu 240 aja tawawerengera pa K10,000, pomwe anagulidwa pa K9,500. Chifukwa chake n'chakuti mnyamata wa pamakina sagula khofi. Tikanagwiritsa ntchito mtengo weniweni, lipoti lake likanamakwera ndi kutsika malinga ndi msika, ngakhale iye akugwira ntchito mofanana mwezi ndi mwezi. Mtengo wa muyezo umatsekera za kumsika kunja, kuti chimene chikusuntha m'gawo lake chikhale makilogalamu okha. Momwemonso wogula katundu amaonedwa pa makilogalamu onse amene anagula, popeza K500 ija anaipulumutsa pa kilogalamu iliyonse, yogwira ntchito ndi yotayika yomwe. Mafakitale ambiri amawerengera kusiyana kwa pa mtengo tsiku lomwe katundu wafika, osadikira kuti agwiritsidwe ntchito. Kwa wokazinga khofi zimenezi n'zofunika, chifukwa amagula wambiri nyengo yokolola ikatha n'kumamugwiritsa ntchito miyezi yambiri. Akadikira, uthenga woti anagula modula mu Okutobala udzamupeza mu Malichi, nthawi yokambirana mtengo itapita kale.

Lipoti likafika chonchi, chimene chimachitika m'maofesi ambiri n'chodziwikiratu. Wogula katundu amayamikiridwa, ndipo zala zonse zimaloza mnyamata wa pamakina. Mwina mayiwa amamuitana n'kumufunsa kuti, "Achimwene, matumba anayi apita kuti?" Iye n'kuyankha kuti, "Amama, khofi wa ulendo uno mumuone nokha, ine ndikungokazinga zimene ndapatsidwa." Apa ndi pamene njirayi imafuna munthu wodzuka pampando, chifukwa masamu anena kuti ndalama yatayikira pa kagwiritsidwe ntchito, koma sananene kuti wolakwa ndani.

Tiyerekeze kuti mayiwa apita kukaona. Pakona ya chipinda chosankhira apeza matumba a zotaya, muli njere zakuda, zoboola ndi tizilombo, zosweka, timiyala ndi timitengo. Aika pa sikelo, akwana makilogalamu 100, pomwe khofi wa masiku onse sasowa kusankhanso. Atenga kachipangizo koyezera chinyontho n'kupima njere zotsala pansi pa thumba, chikuonetsa 13 peresenti pamalo pa 11. Ndiye kuti pa thumba lililonse analipira madzi oposa kilogalamu imodzi pa mtengo wa khofi, ndipo madziwo anathawa ngati nthunzi m'makina. Pa mwezi wonse zimenezi zikuyandikira makilogalamu 60. Kenako atola mapaketi makumi awiri pa shelefu n'kuyeza limodzilimodzi, onse akuonetsa magalamu 255. Atsikana opakira, poopa kuti kasitomala angadandaule kuti paketi njopepuka, amathira kamulu pamwamba. Magalamu asanu pa mapaketi 8,000 ndi makilogalamu 40 a wokazinga, omwe ndi pafupifupi 50 a wamuwisi. Pomaliza, m'kabuku ka pamakina mwalembedwa kuti kawiri magetsi anazima ng'oma yokazingira ili yodzaza, inaleka kuzungulira, ndipo makilogalamu 15 anapserera ulendo uliwonse. Amenewo ndi 30. Matumba anayi aja apezeka onse.

Tsopano nkhani yatembenuka. Makilogalamu 160, a zotaya ndi a chinyontho, anabwera ndi khofi wotchipa uja, ndipo pa mtengo wa muyezo ndi K1,600,000. Wogula katundu anapulumutsa K1,320,000 pakhomo lolowera n'kutayitsa K1,600,000 mkati, ndiye kuti kutchipa kwake kwadyera fakitale K280,000, osawerengera masiku amene atsikana anathera posankha, kapena makasitomala amene amva kukoma kwachilendo m'kapu. Walira mvula walira matope. Kamulu ka pamwamba pa paketi kadya pafupifupi theka la miliyoni, ndipo kakhala kakudya chomwecho mwezi uliwonse popanda wodandaula. Mankhwala ake ndi sikelo yabwino ndi kuuza opakira kuti 250 ndi 250. Za magetsi ndi K300,000, ndipo chiwerengero chimenecho ndicho chingauze mayiwa ngati jenereta yaing'ono yozungulitsa ng'oma ingadzibweze yokha. Mnyamata amene anayamba kulozedwa chala alibe mlandu pa kilogalamu ngakhale imodzi.

Nkhani ya chinyontho ili ndi mbali ina imene wa ku Mzuzu ayenera kuisamala. Mzinda uno ndi wa mvula ndi nkhungu, ndipo khofi amayamwa chinyezi cha mumpweya. Matumba osanjikidwa pa simenti kapena kutsamira khoma akhoza kufika ali ouma bwino n'kudzanyowera mosungiramo. Ngati palibe amene anapima chinyontho tsiku lolandira katundu n'kulemba, wogula adzati katundu anafika wouma, wosunga adzati anafika wonyowa, ndipo mlanduwo sungaweruzike. Kusiyana kwa pa kagwiritsidwe ntchito kumadalira timapepala tating'ono totere, ta kulemera polandira, kulemera potulutsa mosungira, kulemera potsitsa pamoto. Fakitale imene imangowerenga matumba kumapeto kwa mwezi n'kunena kuti osowawo ndiwo agwiritsidwa ntchito imaika kuba, kutayikira ndi kukazinga m'chiwerengero chimodzi.

Njirayi inadzudzulidwanso ndi eni ake a phunziroli. Mu 1987 aphunzitsi awiri a ku Amereka, Thomas Johnson ndi Robert Kaplan, anatulutsa buku lonena kuti malipoti a owerengera ndalama m'mafakitale amabwera mochedwa, ali ophatikizaphatikiza, moti sathandiza woyendetsa ntchito. Inali nthawi yomwe mafakitale a ku Japan, makamaka Toyota, ankaonetsa dziko kuti kusunga katundu wochepa ndi kupewa zolakwika kumapindulitsa kuposa kuthamangitsa mtengo wotsika. Odzudzula anaonetsa zomwe taona pa khofi uja, kuti ukamayamikira wogula chifukwa cha kusiyana kokomera kwa pa mtengo, adzagula katundu wachabechabe, kapena adzagula wambirimbiri kuti amutsitsire, ndalama n'kugona m'matumba miyezi isanu ndi umodzi pomwe ngongole ya kubanki ikubereka chiwongoladzanja. Chidzudzulocho chinali choona, koma njirayi sinafe. Malamulo a dziko lonse lapansi a kalembedwe ka mabuku, omwe Malawi amatsatira, amalolabe kuwerengera katundu wosungidwa pa mtengo wa muyezo bola ukhale woyandikira mtengo weniweni ndipo uziunikidwanso kawirikawiri. Kumene katundu ndi wofanana tsiku ndi tsiku ndipo zipangizo ndizo zimadya ndalama zambiri, monga pa buledi, mafuta ophikira, zakumwa, zakudya za nkhuku ndi khofi, muyezo ukadali chida chakuthwa.

Vuto lathu lenileni ndi lina, ndipo Harrison sanakumane nalo pa mlingo wathu. Mu Meyi 2012 kwacha inagwetsedwa mphamvu n'kusiyidwa kuti iziyenda yokha pamsika. Mu Meyi 2022 inagwetsedwanso ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 dola ya ku Amereka inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi, kukwera kwa 44 peresenti. Muyezo wa mtengo woikidwa kumayambiriro kwa chaka ukakumana ndi tsiku lotere umasanduka pepala chabe. Tibwerere ku kafakitale kathu. Timatumba tonyezimira topakiramo khofi timachokera kunja, ndipo tinene kuti muyezo wake unali K200 kamodzi. Kwacha itagwa, wogula katundu walipira K300. Lipoti losaganiza lidzamuikira K100 yopweteka pa kathumba kalikonse, K800,000 pa mapaketi 8,000, ndipo mwezi wotsatira chimodzimodzi, mpaka aliyense azolowere kuona zofiira.

Owerengera ndalama anapeza njira yake, yogawanso kusiyanako pawiri. Amafunsa kuti, muyezo ukanaikidwa ndi munthu wodziwa zimene zachitika, ukanakhala wotani? K200 itakwera ndi 44 peresenti ndi K288. Ndiye K88 pa kathumba ndi ya muyezo wotha ntchito, siikhudza wogula, ndipo mankhwala ake ndi kukweza mtengo wogulitsira khofi msanga. K12 yotsalayo ndiyo ya wogula kufotokoza, mwina anachedwa kuitanitsa n'kukagula kwa wopikulitsa wa ku Lilongwe. Ngozi ya njira imeneyi njakuti munthu wochenjera akhoza kukankhira chilichonse ku gawo la muyezo wotha ntchito, choncho muyezo watsopanowo uyenera kuchokera pa chinthu choonekera kwa onse, monga mtengo wa dola wa kubanki kapena makoteshoni a ogulitsa atatu, ndipo asauike yekha munthu amene akuweruzidwa nawo.

Ine ndimaona kuti m'dziko la ndalama yoyendayenda chonchi, mwendo wa mtengo uyenera kuunikidwa miyezi itatu iliyonse, ndiponso tsiku lililonse lomwe Reserve Bank yalengeza zachilendo. Mwendo wa kuchuluka ndi wina. Makilogalamu 1.2 aja sasintha kwacha ikagwa. Amasintha pokhapokha makina asintha, kapsedwe kasintha kapena mtundu wa njere wasintha. N'chifukwa chake woyendetsa fakitale yaing'ono, amene alibe wowerengera ndalama wa tsiku ndi tsiku, angachite bwino kutsata kusiyana kwa pa kagwiritsidwe ntchito m'makilogalamu momwemo, osadikira kuti mwezi uthe. Pakhoma pafupi ndi makina pakhale bolodi, ulendo uliwonse ulembedwe kuti alowa 15, atuluka angati. Muyezo ukuti atuluke 12.5. Akatuluka 12.1 maulendo atatu otsatizana, wa pamakina aime n'kupima chinyontho cha thumba limene watsegula, ulendo wachinayi usanathiridwe.